Msambo wa masiku 9 ndi kulemera pachinena: zotupa za m'chiberekero zimachita chiyani m'thupi?

"Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala kufupi ndi Mangochi boma ndipo ndimagulitsa usipa. Ndili ndi ana awiri ndipo ine ndi bambo akunyumba tikufuna wina mmodzi. Kwa zaka ziwiri tsopano ndikakhala kumwezi ndimatha masiku 9, ndimataya magazi oundana, ndipo masiku atatu oyamba sindipita kumsika chifukwa nyanda imanyoweratu ola lisanathe. Pachinena pamalemera ngati ndanyamula mwala, usiku ndimadzuka kanayi kukakodza. Atandiunika anapeza zotupa zitatu: chachikulu cha masentimita 8 kutsogolo, china cha masentimita 4 kumbuyo, ndi china cha masentimita 3 chimene anati chalowa mkati. Magazi anati ali pa 8.2. Kodi ndi khansa? Kodi achotsa chiberekero? Apongozi anga akuti ndi mimba imene inapita kumsana."

Mayi, ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi. Zotupa zimene azaumoyo timazitcha mafayibuloyidi si khansa, ndipo sizichitika kawirikawiri m'pang'ono pomwe kuti chotupa chooneka ngati chimenechi chipezeke kuti ndi khansa. Si mimba yopita kumsana ayi, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chimene apongozi anu akuganizira choncho, pakuti mimba imakuladi, mkodzo umabwera pafupipafupi, ndipo munthu woona ndi maso chabe sangasiyanitse. Chiberekero ndi thumba la mnofu wolimba, lalikulu ngati peyala laling'ono, ndipo chotupa chimenechi chimayamba pamene kachigawo kena ka mnofu womwewo kayamba kukula kokha n'kupanga mbulu wolimba wozungulira. Tikachichotsa pa opaleshoni n'kuchidula pakati, mkati mwake mumakhala moyera ndi molimba, mopiringizana ngati mpira wa ulusi. M'chotupamo mulibe mwana, mulibe mafinya, ndipo sichinabwere chifukwa cha kusasamala kwanu, matenda opatsirana pogonana kapena munthu wina wokufunirani zoipa. Amayi akuda a ku Africa kuno timakhala nazo kwambiri kuposa mitundu ina, zimatiyamba tikadali achichepere, ndipo zimayenda kumtundu, kotero mukafunsa mayi anu kapena achemwali anu mwina mupeza wina amene anavutikapo chimodzimodzi. Zimakula ndi mahomoni omwewo amene amayendetsa msambo, n'chifukwa chake mwana wosatha msinkhu sakhala nazo, ndipo mayi akasiya kusamba zimayamba kufota zokha.

Chimene ndikufuna mumvetse koposa zonse n'chakuti vuto limene chotupa chimabweretsa limadalira kwambiri malo amene chakhala kusiyana ndi kukula kwake. Pa zotupa zanu zitatu, chimene chikukutayitsani magazi mwachidziwikire si chachikulucho, koma kaja kakang'ono ka masentimita 3, kongolingana ndi dzira la nkhunda. Amayi ambiri amadabwa ndikawauza zimenezi chifukwa maso awo onse amakhala pa nambala yaikulu imene yalembedwa pa pepala la sikani.

Mkati mwa chiberekero muli kachipinda kopyapyala kamene makoma ake amakhudzana, ndipo makomawo ndi okutidwa ndi khungu lofewa lodzaza timitsempha ta magazi. Mwezi uliwonse khunguli limakhuthala kukonzekera mimba, ndipo mimba ikapanda kubwera limayoyoka, umenewo ndiwo msambo. Kuti magazi aleke, mnofu wa chiberekero umafinyika n'kutseka timitsempha tija monga mmene dzanja limafinyira thumba kukamwa kwake. Tsono chotupa chikamera pansi penipeni pa khungulo n'kutumphukira m'kachipinda kaja, chimasokoneza zinthu zitatu nthawi imodzi. Chimatambasula khungulo kotero kuti malo otuluka magazi amakula, chimatupitsa mitsempha yoyandikana nacho n'kuisiya yotanuka ndi yosachedwa kung'ambika, komanso chimakhala ngati mwala m'dzanja lija, moti mnofu ukafuna kufinya sutha kutseka bwinobwino. Magazi akamatuluka mofulumira chotero, thupi silikwanitsa kuwasungunula onse asanatuluke, ndipo ndiwo mibulu ija mumaiona. Chiberekero chimalimbananso ndi chotupacho ngati chikufuna kuchikankhira kunja, n'chifukwa chake amayi ena amanena kuti cham'mimba chawo chimapota ngati matenda a uchembere.

Mayi wabwinobwino amataya magazi okwana masupuni aakulu awiri kapena atatu pa msambo wonse, ndipo akapitirira mamililita 80 timati wataya mopyola muyezo. Palibe amene amayeza ndi supuni kunyumba, choncho ife timafunsa zinthu zooneka: kodi msambo ukupitirira masiku 7, kodi nyanda kapena padi ikudzaza pasanathe maola awiri, kodi mibulu yake ndi yaikulu kuposa chitsekerero cha botolo, kodi mumadzuka usiku kukasintha, kodi mphasa kapena chitenje chimathimbirira. Inu mwadutsa miyezo imeneyi kutali. Ndaona kuti amayi achisilamu kuno nthawi zambiri amandiuza masiku awo molondola kwambiri, chifukwa amawerengera masiku amene sanaswali, ndipo ndimapempha mayi aliyense kuti atengereko chizolowezi chimenechi. Lembani kumapeto kwa buku lanu la kuchipatala tsiku limene mwayamba, limene mwaleka, ndi kuchuluka kwa nyanda zimene mwasintha tsiku lililonse. Mapepala awiri a zolemba zoterozo amatithandiza kudziwa ngati mankhwala akugwira ntchito kuposa kungonena kuti "zachepako pang'ono".

Kulemera kwa pachinenako ndi nkhani ya chotupa china. Chiberekero chimakhala pakati pa ziwalo ziwiri mkati mwa mafupa a m'chiuno, amene satanuka: kutsogolo kuli chikhodzodzo, kumbuyo kuli thumbo lotsiriza losunga chimbudzi. Chotupa chanu cha masentimita 8, chachikulu ngati lalanje lokhwima bwino, chatsamira pa chikhodzodzo. Chikhodzodzo chimene chikanasunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita sichipezanso malo ofutukukira, ndiye chikangolandira pang'ono chimakuuzani kuti chadzaza. Chizindikiro chake n'chakuti mumapita kawirikawiri koma mumakodza wochepa, ndipo sipawotcha kapena kuwawa. Ngati mkodzo ukuwotcha, ukununkha kapena mukumva kutentha thupi, pamenepo pali matenda a m'njira ya mkodzo amene ayenera kuyezedwa paokha. Chotupa cha kumbuyo cha masentimita 4 chija chikadzakula chikhoza kubweretsa kudzimbidwa, kumva ngati chimbudzi sichinathe, kupweteka kwa msana m'munsi, ngakhalenso ululu wa mkati pamene mukukhala malo amodzi ndi bambo. Pa msinkhu chilili panopa mwina sichikuchita kanthu.

Mudzamva madokotala akunena kuti chiberekero chanu chili ngati mimba ya milungu yakutiyakuti. Musadzidzimuke, ndi njira yathu yoyezera chabe. Chiberekero chikafika poyamba kumveka pamwamba pa fupa la pachinena timati ndi milungu 12, chikafika pa mchombo timati milungu 20. Funsani nambala imeneyi ndipo ilembedwe m'buku, kuti pakatha miyezi 6 tidzathe kuona ngati chikukula ndiponso mofulumira bwanji. Pali chinthu chimodzi chimene chimachitika mwakachetechete pa zotupa zikuluzikulu: zikhoza kupanikiza timapaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, impsozo n'kumatupa munthu osamva ululu uliwonse. N'chifukwa chake ndimapempha wounika kuti asathere pa chiberekero pokha, akweze makinawo ayang'anenso impso zonse ziwiri. Zimatenga mphindi zochepa chabe. Ndipo tsiku limene mudzalephere kukodza chikhodzodzo chili chodzaza, limenelo si tsiku lodikira kuti kuche, pitani kuchipatala nthawi yomweyo akakuikeni kapaipi kotulutsira mkodzo.

Ndikukumbukira mayi wina wa kutsidya la nyanja amene anabwera ndi chotupa chofika pamwamba pa mchombo, cholimba ngati dzungu, ndipo anthu a m'mudzi mwake anali atamuwerengera miyezi mpaka kutopa. Msambo wake unali wa masiku anayi, wosavuta, magazi ake ali pa 12. Chotupa chake chinamera kunja kwa chiberekero n'kumakulira m'mimba mmene muli malo ambiri, osakhudza kachipinda kamkati. Sabata yomweyo tinagoneka mtsikana wa zaka za m'ma 20 amene anafika atamunyamula pa njinga ya kabaza, zikhatho zili mbee, milomo yoyera ngati pepala, ndipo pomupima pamimba sitinamve kanthu. Chake chinali kachotupa kamodzi kokha kakang'ono, kolendewera mkati mwa chiberekero. Amene anafunika kuikidwa magazi usiku womwewo anali wa kachotupa kakang'onoyo.

Tsono pali chenjezo limene sindingalisiye, makamaka kwa ife a kunyanja. Kupezeka kwa zotupa pa sikani sikutanthauza kuti magazi onse amene mukutaya akuchokera kwa izo, popeza amayi ambiri ali nazo koma sizikuwavuta, ndipo matenda ena akhoza kubisala kumbuyo kwake. Magazi a mafayibuloyidi kawirikawiri amatsata mwezi: amabwera nthawi yake, koma ochuluka ndi otenga masiku. Magazi otuluka mukangokhala malo amodzi ndi bambo, odontha pakati pa mwezi, kapena chikazi chamadzimadzi chonunkha, zimenezo zimatilozera ku khomo la chiberekero. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo sikani ya pamimba siiona khansa imeneyi ikamayamba. Imafuna kuti namwino ayang'ane khomolo ndi maso n'kulipaka viniga, kapena atenge zoyeza kachilombo koyambitsa khansayo. Ngati simunayezetse, kapena papita zaka, chitani zimenezi musanayambe kukambirana za opaleshoni, ndipo ngati muli ndi kachilombo ka HIV n'kofunika koposa. Chachiwiri ndi likodzo. Ife amene timachapa, kusamba ndi kutsuka nsomba m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mu Shire timaganiza kuti likodzo ndi matenda a anyamata okodza magazi, koma mazira a nyongolotsi yake amakhazikikanso pa khomo la chiberekero ndi m'njira ya abambo, n'kumayambitsa kudontha magazi, kuyabwa ndi kupweteka m'chinena, komanso amakwiyitsa chikhodzodzo n'kumachititsa munthu kukodza pafupipafupi. Inu amene ntchito yanu ndi ya kudoko, muwauze azachipatala zimenezi kuti ayeze mkodzo, pakuti mankhwala ake, pulazikwantelo, amamwedwa tsiku limodzi molingana ndi kulemera kwa thupi. Kuyeza ngati muli ndi pakati kumachitikanso nthawi iliyonse pamene msambo wasintha kayendedwe kake.

Nambala imene ikundidetsa nkhawa m'kalata yanu si 8 wa chotupa koma 8.2 wa magazi. Mayi amene alibe pakati ayenera kukhala ndi 12 kapena kuposerapo, ndipo kutsika pansi pa 8 timati magazi achepa kwambiri. Inu muli pamalire penipeni, ndipo misambo iwiri yolemera, kapena malungo amodzi a nthawi ya dzinja, akhoza kukugwetserani kumene kumafunika kuikidwa magazi. Vuto lake n'lakuti magazi akamachepa pang'onopang'ono thupi limazolowera, mayi n'kumangoti ndi kutopa kwa ntchito kapena dzuwa la Mangochi. Dzifunseni ngati mumachita befu mukasenza dengu limene kale munkalisenza mosavuta, ngati mtima umathamanga mukakwera kachitunda, ngati mumaona chizungulire podzuka, kapena ngati mwayamba kulakalaka dothi la pachulu kapena la pakhoma. Chilakolako cha dothicho anthu amachiseka, koma nthawi zambiri ndi thupi likulira kuti mchere wa ayironi watha.

Mapiritsi a ayironi amene amaperekedwa kusikelo ya amayi oyembekezera ndi omwewo amene mukufunika. Piritsi limodzi patsiku limakwanira kwa anthu ambiri, ndipo amene limawapweteka m'mimba akhoza kumwa tsiku lina n'kudumpha lina mmalo mosiyiratu. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amamanga ayironi kuti asalowe m'thupi. Siyanitsani ndi maola awiri, ndipo mukamwera madzi a mandimu kapena a malambe amalowa bwino. Chimbudzi chidzada, zimenezo zisakuopseni, koma akhoza kukudzimbitsani, choncho madzi ndi ndiwo zamasamba zisasowe. Pakatha mwezi umodzi kayezetseninso. Ngati mankhwala akugwira ndipo kutaya magazi kwachepa, nambala ija iyenera kukwera moonekeratu, ndipo ikafika pa 12 mupitirize kumwa miyezi ina itatu kuti nkhokwe ya m'thupi idzaze. Usipa wodya ndi mutu womwe, chiwindi, nyemba, bonongwe ndi khwanya n'zothandiza, koma ndinene mosabisa kuti chakudya chokha sichingabweze magazi amene akutayika motere mwezi ndi mwezi, ngakhalenso zakumwa zofiira zimene anthu amati zimawonjezera magazi. Mtsuko wobooka sudzaza ndi kutungira kokha, pafunika kumata pobookapo.

Pomata pobookapo, popeza mukufuna mwana, ndingayambe ndi mankhwala amene saletsa kutenga pakati. Oyamba ndi tiranekisamiki asidi, amene amathandiza magazi kuundana pa timitsempha tija. Amamwedwa masiku a msambo okha, galamu imodzi katatu patsiku, kuyambira tsiku loyamba kwa masiku atatu kapena anayi, ndipo kwa amayi ambiri amachepetsa magazi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kufika theka. Sapatsidwa kwa munthu amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mwendo kapena m'mapapo, choncho akulembereni dokotala, musangogula. Achiwiri ndi aibupulofeni, mamiligalamu 400 katatu patsiku mutadya, amene amachepetsa kupota kwa m'mimba ndi magazi omwe pang'ono, koma ndi oipa kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Asipirini yekha mumupewe masiku amenewa, pamodzi ndi mapiritsi a mutu a m'magolosale amene muli asipirini, chifukwa amasungunula magazi n'kuwonjezera vutolo. Ndaonapo amayi angapo amene ankamwa mapiritsi oterewa chifukwa cha mutu wobwera ndi kuchepa kwa magazi, osadziwa kuti akukulitsa bowo lomwelo.

Njira zolera za mahomoni zimachepetsanso msambo, ndipo nthawi zina timazigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo kuti magazi akwere tisanachite china. Mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku amathandiza, koma pa zaka zanu tiyenera kuyamba tayeza kuthamanga kwa magazi, ndipo sayenera kwa wosuta fodya kapena wodwala mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuthwanima m'maso. Jakisoni wa miyezi itatu amaumitsa msambo mwa amayi ambiri, koma akasiyidwa pamatha kutenga miyezi yambiri, nthawi zina kufika chaka, kuti mphamvu yobereka ibwerere, ndipo kwa mayi wa zaka 38 wofuna mwana nthawi imeneyo ndi yamtengo wapatali. Lupu ili mitundu iwiri ndipo apa pamasokonekera anthu ambiri. Ya mahomoni imachepetsa msambo kwambiri, koma mwa inu ikhoza kukankhidwira kunja chifukwa kachipinda kamkati kapindika ndi chotupa chija. Ya kopa, imene ndiyo yofala m'zipatala zathu, imawonjezera msambo, choncho si yanu. Mankhwala onsewa amachepetsa magazi okha, sachotsa chotupa ndipo sapeputsa kulemera kwa pachinena. Alipo majakisoni ena a mwezi ndi mwezi amene amafwetsa zotupa poimitsa mahomoni kwakanthawi, koma ndi okwera mtengo, saperekedwa kupitirira miyezi 6 chifukwa amafooketsa mafupa, ndipo akangosiyidwa zotupa zimabwerera mwakale. Ntchito yake yeniyeni ndi kukonzekeretsa munthu opaleshoni. Za mankhwala azitsamba amene amalengezedwa kuti amasungunula zotupa, ine pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi sindinaonepo mbulu wa mnofu wa masentimita 8 utasungunuka ndi chakumwa. Chimene ndaona ndi amayi obwerera patatha chaka, ndalama za geni zitatha, magazi atatsika kufika pa 5.

Funso lanu lakuti achotsa chiberekero kapena ayi lili ndi yankho lakuti si njira yokhayo, ndipo palibe amene ayenera kuchichotsa inu musanavomere mutamvetsa. Pali opaleshoni yochotsa zotupa zokha n'kusoka chiberekero kuti chitsale, ndipo kwa mayi wofuna mwana ndiyo timayamba kuiganizira. Kwa inu ili ndi phindu lina, chifukwa chotupa chotumphukira mkati ndicho mtundu umene umalepheretsa mimba kukhazikika kapena kuchititsa kupita padera, pamene zomera kunja kawirikawiri sizisokoneza kubereka. Komabe muyenera kudziwa zovuta zake. Opaleshoni imeneyi imataya magazi ambiri, nthawi zina kuposa yochotsa chiberekero chonse, n'chifukwa chake dokotala wosamala sadzakulowetsani muli pa 8.2, adzafuna mutakwera kaye ndiponso magazi oikira atapezeka. Adzakupemphani kusayinira kuti magazi akakana kuleka ali ndi chilolezo chochotsa chiberekero pofuna kupulumutsa moyo wanu. Sizichitika kawirikawiri, koma mukambirane ndi bambo akunyumba nkhaniyi isanafike tsikulo. Mukachira mudzauzidwa kudikira miyezi ingapo, kawirikawiri pafupifupi 6, musanatenge pakati kuti chilonda cha chiberekero chipole, ndipo ngati anadula mpaka kufika m'kachipinda kamkati, mwanayo adzabadwa pa opaleshoni, osati kudikira matenda kunyumba, chifukwa chipsera chikhoza kung'ambika. Zotupa zina zikhozanso kumera pakapita zaka, popeza mnofu umene unabala zoyambazo ukadalipo. Ntchito yoteroyo imafuna dokotala wa matenda a amayi amene anaizolowera, choncho pemphani ku Chipatala cha Boma cha Mangochi kuti muonane naye, kapena akulembereni kalata yopita ku Chipatala Chachikulu cha Zomba kapena ku Gulupu ku Blantyre. Kumene kuli zipangizo zake, kachotupa kamkati kangachotsedwe podzera kunjira ya abambo popanda kung'amba pamimba, koma kwa inu zimenezo zingathetse magazi okha, lalanje lotsamira chikhodzodzo lija n'kutsala.

Kuchotsa chiberekero chonse ndiyo njira yokhayo imene imathetseratu vutoli osabwereranso, ndipo kwa mayi amene anamaliza kubereka, amene wavutika zaka zambiri, nthawi zambiri ndi chisankho chabwino chimene amadzanong'oneza bondo kuti anachedwa nacho. Mphekesera zimene zimamveka pamjigo zakuti mayi wochotsedwa chiberekero amasanduka dzenje, kapena kuti sakhalanso mkazi m'nyumba, si zoona. Njira ya abambo imatsala mmene inalili, yotsekedwa kumtunda kwake, ndipo mabasiketi a mazira akasiyidwa, monga timachitira kwa amayi a msinkhu wanu, mahomoni amapitirira kugwira ntchito ndipo chilakolako sichitha. Chimene chimatha ndi msambo ndi kubereka basi. Pa maopaleshoni onse awiri ong'amba pamimba, yembekezerani kugona m'chipatala masiku angapo ndi kukhala milungu 6 osasenza madengu, choncho nkhani ya amene adzakugwirireni geni ndi kutunga madzi ikonzedwe nthawi ikadalipo.

Ena adzakuuzani kuti mungodikira, zidzafota zokha mukadzasiya kusamba. Uphungu umenewo ndi woona kwa mayi wa zaka 48 amene magazi ake ali bwino, chifukwa amayi ambiri amasiya kusamba cha m'ma 50 ndipo iye watsala pang'ono kuwoloka. Ndi woonanso kwa mayi amene zotupa zake zinangopezeka mwangozi ndipo sizikumuvuta, amene timangomuunika nthawi ndi nthawi osamuchita kanthu. Kwa inu ndi zaka zoposa khumi za kutaya magazi motere, ndiponso mphamvu yobereka imatsika msanga munthu akamayandikira zaka 40. Maganizo anga ndi akuti miyezi itatu ikubwerayi muigwiritse ntchito kukweza magazi ndi ayironi pamodzi ndi mankhwala ochepetsa msambo, kuyezetsa khomo la chiberekero ndi mkodzo, ndi kupeza tsiku loonana ndi dokotala wa amayi, kuti pofika tsikulo mukhale ndi mphamvu zolowera opaleshoni yochotsa zotupa zokha ngati iye atavomereza atakuonani. Bambo akunyumba apite nanu, ndipo ngati patha nthawi yaitali mukuyesa osatenga pakati, nawonso ayezedwe, kuti musang'ambidwe pamimba chifukwa cha mwana pamene chotchinga chili mbali ina.

Zikachitika kuti mwaima musanachitidwe opaleshoni, musataye mtima, amayi ambiri a zotupa amabereka bwinobwino. Siyani mankhwala a msambo aja, yambani sikelo msanga ndipo muwauze za zotupazo. Nthawi zina chotupa chimakula mofulumira kuposa mitsempha yochidyetsa, n'kuyamba kufa mkati, ndipo mayi amamva ululu waukulu pamalo amodzi, makamaka pakati pa miyezi ya mimba. Zimenezi zimapola ndi kupuma ndi mankhwala a ululu oyenera woyembekezera, koma ziyenera kuonedwa kuchipatala. Muchilire kuchipatala chachikulu kumene kuli magazi ndi chipinda cha opaleshoni, chifukwa chiberekero cha zotupa chimavuta kufinyika mwana akabadwa, monga momwe chikuvutira pa msambo.

Pakali pano, musadikire tsiku limene anakulemberani ngati nyanda ikudzaza ola lililonse kwa maola awiri kapena atatu otsatizana, ngati mwakomoka kapena mukuchita befu mutangokhala pansi, ngati mapazi ayamba kutupa, ngati mwamva ululu woopsa wadzidzidzi m'mimba pamodzi ndi kusanza kapena kutentha thupi, kapena ngati mwaona kanthu kolimba kakutuluka kumaliseche, pakuti kachotupa kamkati nthawi zina kamakankhidwa mpaka kudutsa pakhomo la chiberekero. Musakakoke kapena kuikapo mankhwala. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi pepala la sikani lija, ndipo pitani ndi munthu wamkulu amene angathe kukudikirirani ngati atakugonekani.